Msika ukachita phokoso, chepetsa katundu: momwe mathumba ena amadziikira malire a chiopsezo

Lolemba pa 2 Malichi 2020, mitengo ya masheya ku America inakwera ndi 4.6 peresenti tsiku limodzi lokha. Anthu ambiri anapumira m'mwamba, poti sabata yapitayo inali yowawa chifukwa cha mantha a mliri wa korona. Koma panali gulu lina la osunga chuma cha anthu lomwe litaona kukwera kumeneku linagulitsako masheya ena m'malo mogula. Sikuti iwo ankalosera kuti mitengo igwanso. Lamulo lomwe amayendera silifunsa n'komwe ngati mtengo wakwera kapena watsika. Limangofunsa kuti msika ukugwedezeka motani, ndipo kudumpha ndi 4.6 peresenti tsiku limodzi ndi kugwedezeka kwakukulu, ngakhale kukhale kolowera kumwamba.

Lamuloli limagwiritsidwa ntchito ndi makampani a inshuwalansi, mathumba ena a penshoni komanso makampani oyendetsa chuma cha anthu ku America, ku Ulaya ndi kwina. Amene amagwira ntchito ku Britain kapena ku South Africa n'kumasungitsa ndalama za penshoni kumeneko akhoza kukumana nalo m'mapepala a thumba lawo. Pamakompyuta a amalonda muli mayina monga S&P 500 Daily Risk Control 10%, ndipo nambala ya kumapetoyo ndiye mtima wa nkhani yonse.

Munthu wamba akamagawa ndalama zake amati, mwachitsanzo, magawo 60 pa 100 alionse apite ku masheya, otsalawo akongoze boma kuti azilandira chiwongoladzanja. Akatero amaona ngati wakhazikitsa chiopsezo chake. Chomwe wakhazikitsa ndi kuchuluka kwa ndalama basi. Masheya a madola 60,000 m'chaka chabata monga 2017 ankasuntha ndi madola mazana awiri kapena atatu patsiku. Masheya omwewo pakati pa Malichi 2020 ankasuntha ndi madola zikwi zitatu kapena kupitirira. Ndalama ndi zomwezo, koma chiopsezo chakula kakhumi. Njira imene tikukambayi imatembenuza zinthu: imakhazikitsa chiopsezo, n'kusiya kuchuluka kwa ndalama kuti kuzisintha. Msika ukakhala bata, thumba limawonjezera masheya. Msika ukalusa, limagulitsako n'kusunga ndalamazo pamalo osagwedezeka, monga ngongole za boma za miyezi yochepa.

Kugwedezeka amakuyeza bwanji

Kugwedezeka ndi kukula kwa kusuntha kwa mtengo tsiku ndi tsiku, posatengera mbali yomwe walowera. Amalonda amakutchula ngati kwa chaka chathunthu, ndipo pali kachidule komwe aliyense pamsika amakadziwa: tengani kusuntha kwa tsiku limodzi, muchulukitse ndi 16. Nambala 16 imachokera poti m'chaka muli masiku amalonda pafupifupi 252, ndipo 16 kuchulukitsa ndi 16 kumafika pafupi ndi pamenepo. Choncho msika wosuntha ndi 1 peresenti patsiku uli ndi kugwedezeka kwa 16 peresenti pachaka. Wosuntha ndi 5 peresenti patsiku uli pa 80.

Thumba likati mulingo wathu ndi 10 peresenti, likutanthauza kuti likufuna kuti chuma chake chonse chizisuntha ndi 0.6 peresenti kapena cha pamenepo patsiku wamba. Kwa mwini madola 100,000, amenewo ndi madola ngati 625 patsiku, kukwera kapena kutsika. Silikunena kuti simudzataya zoposa 10 peresenti. Pamenepa m'pomwe ambiri amasokonekera, ndipo ogulitsa mathumbawa nthawi zina sachita khama kuwawongolera.

Kuti apeze gawo loyenera kuika m'masheya, amangogawa nambala ziwiri:

```
gawo = mulingo / kugwedezeka
```

Msika ukamagwedezeka ndi 20 peresenti, gawo ndi 10 kugawa ndi 20, kutanthauza theka la thumba. Ukafika pa 40, gawo ndi kota. Ukatsika kufika pa 8, yankho ndi 125 peresenti, ndiye kuti thumba liyenera kubwereka ndalama kuti ligule masheya oposa chuma chake. Mathumba ambiri amaika denga pamenepa, ena pa 100, ena pa 150.

Wina angafunse kuti kuyeza za dzulo kungathandize bwanji pa za mawa. Zoona, palibe amadziwa ngati mawa mitengo ikwera kapena itsika. Koma kukula kwa kusunthako ndi nkhani ina. Mu 1963 katswiri wa masamu Benoit Mandelbrot, atafufuza mitengo ya thonje ya zaka zambiri, anaona kuti masiku a kusintha kwakukulu amabwera motsatizana, ndipo masiku abata nawonso amatsatizana. Robert Engle anaika zimenezi m'masamu mu 1982, ntchito yomwe inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2003. Asodzi a ku Nyanja ya Malawi amachidziwa chinthu chofanana nacho: mwera ukayamba suleka madzulo omwewo, umawomba masiku angapo, ndipo amene waona mafunde a lero sadikira wolosera kuti amuuze zoti mawa asapite kutali ndi gombe. Njira yonseyi yatsamira pa mfundo imeneyi. Siilosera komwe mtengo ulowere, imangoti lero kwalusa, mawa kulusanso.

Chotsala ndi kusankha kutalika kwa chikumbumtima cha muyezo. Njira yotchuka ndi ya RiskMetrics, yomwe banki ya J.P. Morgan inatulutsa mu 1994. Tsiku lililonse amasunga magawo 94 pa 100 a muyezo wa dzulo, n'kuwonjezerapo magawo 6 ochokera ku kusuntha kwa lero. Asanaphatikize, nambala iliyonse amayamba waichulukitsa ndi iyo yomwe, n'chifukwa chake tsiku limodzi lalikulu limalemera kwambiri kuposa masiku ang'onoang'ono ambiri: kusuntha kwa 1 kumawerengedwa 1, koma kwa 3 kumawerengedwa 9.

Milungu inayi ya mu 2020

Tiyeni titsate thumba longoyerekeza la madola 100,000, la mulingo wa 10 peresenti, lomwe limagula masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, aja amawerengedwa pa S&P 500. Thumbalo ndi lopeka, koma kusuntha kwa msika komwe titchule kunachitikadi. Tiyerekeze kuti Lachisanu pa 21 Febuluwale muyezo wake ukuwerenga 0.8 peresenti patsiku, yomwe ndi 12.8 pachaka. Gawo ndi 10 kugawa ndi 12.8, ndiye thumba lili ndi madola 78,000 m'masheya ndi 22,000 pambali.

Lolemba pa 24 Febuluwale, nkhani za kufala kwa matendawa ku Italy zitamveka, msika unagwa ndi 3.35 peresenti. Thumba lathu linataya madola pafupifupi 2,600, kuposa kanayi zomwe linakonzekera kutaya patsiku wamba. Madzulo amenewo muyezo umawerengedwanso. Wakale uja, 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8, ndi 0.64, ndipo magawo 94 pa 100 a nambalayi ndi 0.60. Kusuntha kwa lero, 3.35 kuchulukitsa ndi 3.35, ndi 11.2, ndipo magawo 6 pa 100 ake ndi 0.67. Taonani kuti tsiku limodzili lokha lalemera kuposa masiku onse am'mbuyo pamodzi. Tikaphatikiza tipeza 1.27, yomwe tikaibwezera kukhala kusuntha kwa tsiku ndi 1.13 peresenti, kapena 18 pachaka. Gawo latsopano ndi 55 peresenti. Thumba liyenera kugulitsa masheya a madola opitirira 21,000, chifukwa cha tsiku limodzi.

Kugulitsa msika utagwa kale kumawawa, ndipo amene anazolowera mwambo woti gula zikatchipa amakuona ngati misala. Koma tsiku lotsatira msika unagwanso ndi 3 peresenti, ndipo Lachinayi unagwa ndi 4.4. Pofika Lachisanu gawo linali litatsika kufika pa 39 peresenti. Kenako kunabwera kukwera kwa pa 2 Malichi kuja, muyezo n'kupitirira 30, gawo n'kutsikanso kufika pa 32.

Masiku oopsa zedi anali asanafike. Pa 9 Malichi msika unagwa ndi 7.6 peresenti, pa 12 unagwa ndi 9.5, ndipo pa 16 unagwa ndi 12, kugwa kwakukulu kuposa kwina kulikonse chichokere Okutobala 1987. Tsiku limenelo VIX, nambala yomwe imasonyeza kugwedezeka komwe amalonda akuyembekezera, inatsekera pa 82.69. Thumba lathu linalowa m'tsikuli lili ndi 14 peresenti yokha m'masheya, choncho linataya 1.7 peresenti. Apa m'pomwe njirayi imandigwira mtima: tsiku loipitsitsa la chaka chonse linalipweteka pang'ono kuposa lija loyamba la pa 24 Febuluwale, pomwe msika unangogwa ndi 3.35.

Msika unafika pansi pa 23 Malichi, S&P 500 ili pa 2,237, itataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake. Amene anangosiya madola 78,000 aja m'masheya osakhudza anataya pafupifupi 26,000. Thumba lathu, tikaphatikiza masiku onse, linataya pakati pa 10,000 ndi 11,000, ndipo zoposa theka la ndalama zimenezi zinapita m'masiku anayi oyambirira, muyezo usanadzuke bwino. Nayi mfundo yoyenera kuigwiritsitsa. Njirayi siteteza ku nkhonya yoyamba. Imateteza ku yachiwiri, yachitatu ndi zotsatira, ndipo imapindula pokhapokha mavuto akamakula pang'onopang'ono kwa milungu ingapo monga zinachitikira chaka chimenecho.

Mtengo wake

Pa 24 Malichi msika unakwera ndi 9.4 peresenti, ndipo m'masiku atatu unakwera ndi zoposa 17. Thumba lathu, lili ndi 12 peresenti yokha m'masheya, linapezapo 2 peresenti basi. Choipa kwambiri n'chakuti kudumpha kumeneku kunakweza muyezo m'malo mowutsitsa.

Muyezo wa 94 ndi 6 umaiwala pang'onopang'ono. Pamatenga masiku amalonda 11 kuti chikumbumtima cha tsiku loipa chichepe ndi theka. Ngakhale msika ukanangoti zii kumapeto kwa Malichi n'kumasuntha ndi 1 peresenti yokha patsiku, thumba likanadikira masiku amalonda pafupifupi 60, ndiye kuti miyezi itatu, kuti libwerere pa theka chabe. Pomafika pa 8 Juni msika unali utakwera kale ndi zoposa 40 peresenti kuchokera pansi paja, ndipo pa 18 Ogasiti unadutsa pomwe unali mu Febuluwale. Amene anangokhala chete osagulitsa anali atabweza zake zonse. Thumba loyendera lamuloli linagulitsa pamitengo yotsika, n'kumagulanso pang'onopang'ono pamitengo yokwera.

Wina anganene kuti tifupikitse chikumbumtimacho kuti thumba lizibwerera msanga. N'zotheka, koma muyezo waufupi umadzidzimuka ndi kanthu kalikonse, thumba n'kumagula ndi kugulitsa pafupipafupi, ndipo malonda alionse ali ndi ndalama zake zolipira. Wautali umasunga ndalama zimenezi koma umachedwa kuthawa. Palibe kutalika komwe kumapambana nthawi zonse. Ena amayeza kawiri, waufupi ndi wautali, n'kutenga nambala yokulirapo, kuti azithawa msanga koma azibwerera mosamala. Ambiri amaikanso malire oti sasintha kanthu pokhapokha gawo latsopano litasiyana ndi lakale ndi mapointi angapo.

Pali ngozi ina yomwe imabisala mkati mwa bata. Chaka cha 2017 chinali chodekha modabwitsa ku America. Kugwedezeka kwa S&P 500 kunali cha m'ma 7 peresenti, ndipo mu Novembala VIX inatsekera pa 9.14, kutsika komwe kunali kusanaonekepo. Pa 7, lamulo lija limati gawo likhale 143 peresenti. Ndiye kuti bata likatalika, thumba limadzaza katundu wambiri, wina wa ndalama zobwereka. Pa 2 Febuluwale 2018 msika unagwa ndi 2.1 peresenti, pa 5 unagwa ndi 4.1 VIX n'kudumpha kuchoka pa 17 kufika pa 37, ndipo pa 8 unagwanso ndi 3.75. Nkhonya yoyamba inapeza mathumba oterewa atasenza katundu wolemera kuposa nthawi zonse. Anagulitsa, koma kugwako sikunapitirire kwa milungu monga mu 2020, ndipo pofika Ogasiti msika unali utadutsanso pomwe unali. Analipira mtengo wa chitetezo popanda kuona phindu lake lenileni. Pa chifukwa ichi ndimaona kuti denga la gawo ndi lofunika mofanana ndi mulingo weniweniwo, ndipo thumba lopanda denga ndi loyenera kulikayikira.

Vuto lina n'lakuti otsatira lamuloli ndi ambiri, ndipo onse amawerenga nambala zofanana. Msika ukagwa, onse amagulitsa nthawi imodzi, kugulitsako n'kugwetsanso mitengo, muyezo n'kukweranso. Bungwe la IMF lakhala likutchula chiopsezo chimenechi m'malipoti ake okhudza kukhazikika kwa misika ya ndalama. Akatswiri amatsutsana pa kukula kwa mphamvu yake, koma njira yomwe moto ungafalikire ikuoneka poyera.

Nanga pa zaka zambiri, zonse zikaphatikizidwa, njirayi imapindulitsa? Alan Moreira ndi Tyler Muir anafalitsa kafukufuku mu 2017 wosonyeza kuti kuchepetsa masheya nthawi ya kugwedezeka kumakweza phindu lomwe munthu amapeza poyerekeza ndi chiopsezo chomwe wasenza. Chaka chotsatira Campbell Harvey ndi anzake anayesa njirayi pa mitundu yambiri ya chuma, ndipo anapeza kuti ubwino umenewu umaoneka pa masheya ndi ngongole za makampani, koma ndi wochepa zedi pa ngongole za boma, ndalama zakunja ndi katundu monga mafuta kapena tirigu. Chifukwa chake chikumveka: pa masheya, kugwedezeka kumakonda kukula mitengo ikamagwa, choncho kuthawa kugwedezeka kumakhalanso kuthawa kugwa. Pa katundu wina sizikhala choncho nthawi zonse, poti mtengo wa tirigu ukhoza kulusa uku ukukwera. Chomwe anapeza paliponse n'chakuti kutaya kwakukulu zedi kumachepa. Mu 2020 Scott Cederburg ndi anzake anasonyeza kuti phindu lowonjezera lija nthawi zambiri silioneka munthu akayesa kutsatira njirayi popanda kudziwiratu zam'tsogolo. Kwa ine, zonsezi zikutanthauza kuti amene akukugulitsani njirayi ngati yochulukitsa phindu akulonjeza zomwe sangatsimikize. Amene akuti idzachititsa kuti miyezi yoipa isakhale yoipitsitsa akunena zomwe umboni ukuvomereza, ndipo kwa munthu amene watsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Bata lomwe muyezo sungalimvetse

Njirayi imafuna zinthu ziwiri: mitengo yoona ya tsiku ndi tsiku, komanso msika womwe ungalandire katundu wako tsiku lomwe wafuna kugulitsa. Ku America zonsezi zilipo, ndipo mathumba ambiri sagulitsa n'komwe masheya enieniwo, amagwiritsa ntchito mapangano ogula kapena kugulitsa m'tsogolo, omwe ndi otsika mtengo kusinthanitsa. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre pali makampani osakwana 20, ndipo sheya ina imatha masiku angapo popanda malonda ambiri. Mtengo ukakhala pamodzimodzi chifukwa palibe wagula kapena kugulitsa, muyezo umawerenga bata, lamulo n'kumati wonjezera. Tsiku lofuna kugulitsa gawo lalikulu madzulo amodzi, monga linachitira thumba lathu pa 24 Febuluwale, wogula sangapezeke pamtengo umenewo.

Chimodzimodzi ndi mtengo womwe ukugwiridwa ndi dzanja la boma. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Milungu ya m'mbuyo mwake mtengo wovomerezeka sunkasuntha kwambiri, moti muyezo wa kugwedezeka ukanauona ngati wodekha, pomwe aliyense wofuna madola mumsewu ankadziwa kuti zinthu sizili bwino. Si kuno kokha. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland inachotsa mwadzidzidzi malire omwe inaika pa ndalama yake poyerekeza ndi yuro, ndipo mtengo womwe unakhala pafupi ndi 1.20 kwa zaka zoposa zitatu unadumpha m'mphindi zochepa. Kusintha kotere kumabwera kamodzi n'kamodzi, kopanda masiku ochenjeza, ndiye lamulo silipeza mpata wochepetsera katundu.

Amene ali ndi ndalama m'thumba la mtunduwu angathe kuliyesa yekha. Atenge mulingo wolembedwa pamapepala, augawe ndi 3.5 kuti apeze kusuntha kwa mwezi wamba: pa mulingo wa 10, ndiye pafupifupi 3 peresenti pamwezi. Kenako ayang'ane zotsatira za mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Ngati miyezi yotaya 6 peresenti kapena kupitirira ikubwera chaka ndi chaka, muyezo wa thumbalo ukuchedwa kapena denga lake lakwera kwambiri. Ngati thumba silisuntha n'komwe kufika pa 1 peresenti mwezi uliwonse, ndiye kuti ndalama zambiri zangokhala pambali, ndipo mwiniwake akulipira woyendetsa thumba kuti amusungire ndalama zomwe akanatha kukongoza boma yekha. Afunsenso kuti denga la gawo ndi lotani, muyezo umayang'ana masiku angati am'mbuyo, ndipo thumbalo linali ndi masheya ochuluka bwanji pa 21 Febuluwale, pa 23 Malichi ndi pa 30 Juni 2020.